Matauni adzaza chonchi, nanga bwanji kalembera akuti a m'tauni ndi 16 okha pa 100?

Nkhani ya kuchuluka kwa anthu m'matauni ikangobuka mkangano wake umakhala womwewomwewo. Wina amati kumudzi kwatsala nkhalamba zokha, achinyamata onse anathamangira ku Lilongwe ndi ku Blantyre, taonani mmene anthu amapanikizirana mu Limbe kapena pa depoti madzulo, ndipo taonani malo omwe dzana anali minda ya chimanga lero ndi nyumba zokhazokha. Ndiye wina amabwera ndi lipoti la kalembera wa 2018 nkunena kuti ayi, pa anthu 17,563,749 omwe anawerengedwa mdziko muno a m'tauni anali 16 okha pa 100 alionse, ndipo mu 2008 anali 15.3, kutanthauza kuti pa zaka 10 zonsezo nambalayo inangosuntha pang'ono. Apa woyamba uja amati manambala ndi ophika, wachiwiri amati inu mukuyankhula za m'maso basi.

Onse awiri ali ndi mbali yomwe akunena zoona. Vuto ndi loti anthu osamuka kumudzi salowa mu nambala ya mzinda molunjika ngati mmene timaganizira. Ena amalowa pansi pa dzina lina, ena amagwera kunja kwa mzere wa pa mapu, ena amabwera nkubwerera kalembera asanawapeze. Tiyeni tiziyende pang'onopang'ono.

Kodi "m'tauni" ndi kuti?

Ife tikamati tauni timaona magetsi, magolosale, phula, lendi. Koma a kalembera sayendera zimenezo, amayendera malire. Ku Malawi kuno ofesi ya boma yoona za ziwerengero ya NSO ku Zomba imati m'tauni ndi mizinda inayi ija, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, kuphatikizapo maboma ndi matauni ena omwe boma linawalengeza mwalamulo. Mu 2018 mizinda inayi ija inatenga anthu pafupifupi 12 pa 100, matauni ena onse pafupifupi 4, ndiye 16 uja ndi ameneyo. Malo ena onse ndi kumudzi, ngakhale patakhala mabala 20, ma ejenti a ndalama za pa foni mzere wonse ndi nyumba zalendi zothinana ngati ku Ndirande.

Ndipo dziko lililonse lili ndi muyezo wake. Ku Nigeria malo amafunika anthu 20,000 kuti atchedwe tauni. Ku Ethiopia 2,000. Ku Denmark anthu 200 okha akwana. Ku India amaona zinthu zitatu pamodzi, anthu akwane 5,000, akhale othinana osachepera 400 pa sikweya kilomita, komanso amuna ogwira ntchito 75 pa 100 akhale oti sadalira ulimi. Ndiye mukaona tebulo loyerekeza maiko lonena kuti dziko ili lili ndi a m'tauni ambiri kuposa ilo, dziwani kuti sanayeze ndi chinthu chimodzi.

Ganizirani ploti ya landilodi yokhala ndi mpanda, mkati muli nyumba zalendi. Anthu a pa plotipo angachuluke mnjira zitatu zokha. Alendi omwe alipo kale abereka ana. Alendi atsopano alowa ochuluka kuposa omwe asamuka. Kapena landilodi wagula ploti yoyandikana nkusuntha mpanda, anthu omwe amakhala kuseri kuja apezeka ali mkati osasuntha ngakhale mphika umodzi. Mzinda nawo ndi chimodzimodzi, kubadwa kuchotsapo imfa, kusamuka, ndi kusintha kwa malire. Chomwe chimasokoneza ndi choti kalembera amangokupatsani nambala imodzi ya onse a mkati mwa mpanda, samakugawirani kuti awa alowa njira iti.

Lilongwe yemwe anadutsamo zonse zitatu. Mu 1966 inali katauni ka anthu 19,425. Mu 1977 anali 98,718, kuchulukitsa kasanu pa zaka 11, ndipo palibe kubereka komwe kungachite zimenezo. Inali nthawi yomanga likulu latsopano lomwe linasamuka kuchoka ku Zomba mu 1975, anthu ogwira ntchito m'boma, amisiri, aganyu anabwera ambirimbiri, komanso malo a mzinda anakuzidwa nkumeza midzi yomwe inalipo kale. Kenako 223,318 mu 1987, 440,471 mu 1998. Nthawi imene ija kunena kuti mzinda ukukula chifukwa cha obwera kunali kulondola ndithu. Koma mzinda ukamakula zinthu zimatembenuka, poti anthu 600,000 amabereka ana ambiri pachaka kuposa omwe mabasi angatsitse pa depoti nkukhazikika.

Tiyeni tiwerenge limodzi, 2008 mpaka 2018

Pali kasamu kosavuta komwe aliyense angachite pa foni. Dziko lonse linachoka pa anthu 13,029,498 mu 2008 kufika 17,563,749 mu 2018, kukula ndi pafupifupi 35 pa 100, kapena kuti 2.9 peresenti pachaka. Kukula kwa dziko lonse kumeneku pafupifupi konse ndi kubadwa kuchotsa imfa. Ndiye funso ndi loti, mzinda ukanangokula pa liwiro la dziko, popanda wobwera kapena wochoka, ukanafika pati?

Lilongwe inali ndi anthu pafupifupi 670,000 mu 2008. Onjezani 35 pa 100 mupeza 903,000 kapena chapompo. Kalembera wa 2018 anapeza 989,318. Ndiye pa anthu pafupifupi 320,000 omwe anaonjezekera, 233,000 akanabwerabe ngakhale msewu wa M1 ukanatsekedwa mbali zonse, ndipo otsala pafupifupi 87,000 ndi omwe tingati abwera ndi kusamuka kapena kusintha kwa malire. Mmodzi pa anayi alionse, kuposa pang'ono.

Mzuzu ndi nkhani ina. Inali ndi pafupifupi 127,500, pa liwiro la dziko ikanafika 172,000, koma inapezeka ndi 221,272. Pa anthu pafupifupi 94,000 oonjezekera, oposa theka sangafotokozeke ndi kubadwa. Mzindawu unakula ndi 5.4 peresenti pachaka, kuposa mizinda yonse.

Tsopano Blantyre, apa ndi pomwe anthu ambiri amakana. Inali ndi pafupifupi 649,000. Pa liwiro la dziko ikanafika 875,000. Kalembera anapeza 800,264. Yaperewera ndi 75,000. Mzinda wa mafakitale ndi malonda unakula ndi 2 peresenti yokha pachaka, pang'onopang'ono kuposa dziko lonse, ndipo mukatenga samuyi momwe ilili ndiye kuti ochoka mu Blantyre anaposa olowa.

Samuyi ili ndi pofooka pake, tisabise. Amayi a m'tauni amabereka ana ochepa kuyerekeza ndi akumudzi, kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza ana pafupifupi 3 pa mayi wa m'tauni pomwe dziko lonse anali 4.4. Ndiye kugwiritsa ntchito liwiro la dziko kungakuze mbali ya kubadwa. Komabe m'tauni mwadzaza anthu a zaka za m'ma 20 ndi 30, msinkhu wobereka weniweni, nkhalamba ndi zochepa, ndiye ngakhale mayi aliyense ali ndi ana ochepa amayiwo ndi ambiri, kusiyanako kumachepa. Tiyeni tingoyerekeza, iyi ndi nambala yongoyesera, kuti kubadwa kuchotsa imfa m'tauni kunali 2.3 peresenti pachaka. Lilongwe ikanafika cha m'ma 848,000, obwera akanakhala cha m'ma 140,000, ambiri ndithu koma osafikabe theka la kukula konse. Blantyre ikanafika cha m'ma 820,000, ikuperewerabe. Ndiye mungasinthe nambala uku ndi uku koma chithunzi sichisintha kwenikweni.

Pali zinthu ziwiri zomwe samu imeneyi imabisa ndipo ndi zofunika kuzimvetsa. Choyamba, 87,000 uja si anthu omwe anafika mu Lilongwe, ndi otsala mukachotsa omwe anachoka. Atha kukhala kuti anafika 300,000 nkuchoka 213,000, atha kukhala anafika 150,000 nkuchoka 63,000, yankho likhala lomwelo. Munthu amene amakhala ku Mtandire kapena ku Kauma amaona nkhope zatsopano mwezi uliwonse ndipo sakunama, koma amene anapakira katundu usiku lendi itamukanika, kapena amene anapuma ntchito nkubwerera kwawo ku Ntcheu, kapena amene anakwera basi ya ku Joni, ameneyo saoneka poti kuchoka sikupanga phokoso.

Chachiwiri, mtsikana wochokera ku Dedza wafika mu Lilongwe mu 2009 ali ndi zaka 19, pofika 2018 ali ndi ana atatu obadwira mu mzinda momwemo. M'mabuku wosamuka ndi mmodzi, ana atatu aja ndi "kubadwa". Koma akanapanda kubwera ana aja akanawerengedwa ku Dedza. Ndiye kusamuka kumakankha nambala ya mzinda kawiri, lero ndi munthu mwini wakeyo, mawa ndi ana ake, koma kachiwiriko kamalembedwa dzina lina. Ndi chifukwa chake akatswiri awiri atha kuona manambala omwewo wina nkuti kusamuka ndi gawo laling'ono wina nkuti ndiye muzu wa zonse, ndipo palibe amene walakwitsa samu.

Mzere wa pa mapu

Tibwerere ku Blantyre. Kodi anthu 75,000 aja anapita kuti? Ena anapitadi ku Lilongwe, ena kunja. Koma aliyense amene anafunapo ploti zaka zimenezi akudziwa komwe anthu amagula malo, ku Chileka, ku Lunzu, ku Mpemba, njira ya ku Chiradzulu cha ku Njuli, njira ya ku Thyolo cha ku Bvumbwe. Mkati mwa mzinda malo ndi odula komanso mapiri achuluka, kunja kwa malire umakambirana ndi eni munda ndi amfumu, umaumba njerwa pompo nkumanga. Munthu ameneyu m'mawa uliwonse amakwera minibasi kupita ku Ginnery Corner, ana ake amaphunzira m'tauni, akadwala amapita ku Queens, sanagwirepo khasu zaka 15. Kalembera amamulemba kuti ndi wakumudzi, pansi pa T/A yakutiyakuti. Ndipo ngati anachoka ku Chilomoni kukamanga ku Chileka, m'mabuku ameneyo wasamuka kuchoka m'tauni kupita kumudzi, nambala ya mzinda yatsika ndi banja limodzi pomwe mzinda weniweniwo wakula.

Ku Lilongwe ndi zomwezo, Njewa, Mpingu, Nanjiri ndi malo ena ozungulira. Boma la Lilongwe kunja kwa mzinda linali ndi anthu oposa 1.6 miliyoni mu 2018, onse pafupifupi olembedwa akumudzi, ndipo ambiri ndi alimi enieni inde, koma m'mphepete mwa mzinda muli anthu omwe moyo wawo wonse ndi wa m'tauni. Wobwera kumene kuchoka kumudzi nayenso nthawi zambiri amafikira konko komwe lendi ndi yotsika. Ndiye wasamuka kumudzi, akugwira ntchito m'tauni, koma pa pepala wachoka kumudzi kupita kumudzi.

Izi zimagwiranso mbali inayo. Tsiku lomwe boma lidzakuze malire, anthu onse aja adzalowa mu nambala ya mzinda kamodzi, ndipo kalembera wotsatira adzaonetsa ngati mzinda waphulika pa zaka 10, manyuzipepala nkulemba kuti anthu akuthawa kumudzi, pomwe ndi mpanda uja wasuntha. Ku India zinaoneka bwino mu 2011, malo omwe kalembera amawatenga ngati matauni chifukwa chokwanitsa miyezo itatu ija anachoka pa 1,362 mu 2001 kufika 3,894, anthu mamiliyoni anasanduka a m'tauni ali m'nyumba zawo zomwezo. Njira yodziwira ndi yosavuta, mukaona mzinda wadumpha modabwitsa pakati pa makalembera awiri funsani kaye kukula kwa malo ake mu ma sikweya kilomita pa kalembera woyamba ndi wachiwiri. Ngati malo asintha, manambala awiriwo si a chinthu chimodzi.

Pofuna kuthana ndi chisokonezo chimenechi, mu 2020 nthambi ya UN yoona za ziwerengero inavomereza njira ina yosayendera malire a khonsolo. Amadula dziko mu timabokosi ta kilomita imodzi mbali zonse, nkuona anthu mu kabokosi kalikonse. Timabokosi togundana tokhala ndi anthu 1,500 kapena kuposa, tikaphatikizana nkukwana 50,000, umenewo ndi mzinda. Tokhala ndi 300 kapena kuposa tikakwana 5,000, imeneyo ndi tauni kapena malo othinana pang'ono. Ubwino wake Chileka ndi Njewa zimaoneka. Koma kwa dziko lothinana ngati lathu ilinso ndi msampha wake, dziko lonse linali kale ndi anthu 186 pa sikweya kilomita mu 2018, ndipo ku Chiradzulu ndi ku Thyolo kuli midzi ya alimi enieni yomwe imadutsa 300 mosavuta. Ndiye njira ya malire imachepetsa tauni, njira ya timabokosi itha kuikuza mopitirira.

Wogona pano ndi wokhala pano

Mwina munaonapo kuti Blantyre ya 2008 malo ena amalemba 661,256 pomwe ine ndagwiritsa ntchito 649,000. Palibe amene walakwitsa, pali mawerengedwe awiri. Ena amawerenga aliyense pomwe wagona usiku wa kalembera, mlendo ndi mwini nyumba chimodzimodzi. Ena amawerenga munthu komwe amakhala nthawi zonse, ngakhale usiku umenewo ali ku maliro kwina, ndipo maiko ambiri amaika malire a miyezi 6 kuti munthu atchedwe wokhala pamalo. Kalembera wa 2008 anatulutsa zonse ziwiri. Dziko lonse kusiyana kunali kochepa, 13,077,160 ogona ndi 13,029,498 okhala. Koma m'mizinda ndi momwe zimaonekera, yonse inayi ogona anaposa okhala. Zomba ogona anali 88,314, okhala cha m'ma 81,500, kusiyana pafupifupi 7,000 pa kamzinda kakang'ono, ndipo mukakumbukira kuti kuli koleji, asilikali, ndende yaikulu ndi zipatala zikuluzikulu sizodabwitsa.

Ndiye mukatenga nambala ya ogona ya 2008 nkuyerekeza ndi ya okhala ya 2018 mupeza liwiro lolakwika. Zimachitika kawirikawiri m'malipoti, munthu wangotola manambala awiri pa intaneti.

Koma vuto lalikulu ndi loti moyo wa anthu ambiri sukwana mu bokosi limodzi. Mnyamata wa kabaza amene amagona anayi mchipinda ku Mgona, mvula ikayamba mu Novembala amapita kukadzala, mu Januwale wabwerera, mu Epulo wapitanso kukakolola. Anthu a maganyu a fodya ku Kanengo omwe amabwera msika ukatsegulidwa nkubwerera ukatsekedwa. Mayi wa geni amene sabata ili ali ku Lizulu sabata linalo ali ku Lilongwe. Amenewa amakhala kuti? Mkazi kumudzi akafunsidwa amati bambo ndi apabanja pano angopita kukasaka ndalama, ndipo bamboyo m'tauni akafunsidwa atha kunena kuti ine kuno ndi mlendo kwathu ndi ku Dowa, ngakhale wakhala ku Senti zaka 7. Mukudziwa nokha kuti funso loti "kwanu ndi kuti" palibe amene amayankha kuti ku Area 25. Wowerenga wophunzitsidwa bwino amafunsa mosiyanitsa, koma yankho limadalirabe amene wamupeza pakhomo.

Mwezi nawonso uli ndi mbali. Kalembera wa 2008 anachitika mu Juni, wa 2018 mu Seputembala, yonse miyezi yopanda mvula pomwe misewu imayendeka komanso ntchito ya kumunda ndi yochepa, ndiye oyendayenda aja ambiri amakhala ali m'tauni. Akanawerenga mu Disembala nambala ya ogona ikanakhala ina.

Za mafunso a kusamuka enieniwo, kalembera amafunsa komwe munabadwira, komwe munkakhala musanabwere pano, ndi nthawi yomwe mwakhala pano. Funso la kobadwira limatenga agogo amene anabwera mu 1976 kudzamanga Capital Hill ndi mnyamata amene watsika basi mwezi watha nkuwaika gulu limodzi. Amene anabadwira ku Mchinji, nakhala ku Lilongwe zaka 8, nkubwerera ku Mchinji kalembera asanafike, pa funso limeneli sanasamukepo. Ndiponso si aliyense wofika mu Lilongwe amene wachokera kumudzi, wochokera ku Blantyre kapena ku Zomba pa transifa wakweza nambala ya Lilongwe koma 16 peresenti ija sanaisunthe ngakhale pang'ono, anali wa m'tauni kale.

Omwe sapezeka

Kalembera aliyense padziko amaphonya anthu ena, ndipo amene amaphonyedwa kwambiri ndi omwe tikukamba pano. Kalembera asanayambe dziko limadulidwa mu timadera ting'onoting'ono ta mabanja mazana ochepa, kadera kamodzi wowerenga mmodzi, ndipo mapu ake amakonzedwa chaka kapena zaka ziwiri zisanachitike. Kumudzi pa zaka ziwiri sipasintha zambiri. M'mphepete mwa mzinda pa zaka ziwiri munda wasanduka mudzi wathunthu, wowerenga amafika nkupeza nyumba zowirikiza zomwe anauzidwa, masiku ndi omwewo.

Ndiye pali zitseko zokhoma. Kumudzi umapeza munthu pakhomo kapena mfumu imakuuza kuti uyu ali kudimba. Ku Mbayani kapena ku Chinsapo mbeta imachoka 5 koloko m'mawa kubwera usiku, oyandikana naye sadziwa ngakhale dzina lake lenileni. Kuseri kwa nyumba yomwe ikuoneka ngati ya banja limodzi kuli zipinda 6 zalendi. Wantchito wa m'nyumba ndi mlonda, bwana poyankha amawaiwala kapena amaganiza kuti awerengedwa kwawo. Mu 2018 anagwiritsa ntchito matabuleti koyamba mmalo mwa mapepala, zomwe zinathandiza kuona msanga komwe ntchito yatsalira ndi kutulutsa zotsatira mwachangu, koma tabuleti sitsegula chitseko chokhoma. Njira yomwe akatswiri amayezera vutoli ndi kubwerera ku timadera tingapo patapita masabata ochepa, kuwerenganso mosamala, kenako kufananiza maina kuti aone ndi angati anaphonyedwa. Chizindikiro china ndi kuona misinkhu, mukapeza kuti anyamata a zaka 20 mpaka 29 ndi ochepa modabwitsa kuyerekeza ndi atsikana a msinkhu womwewo, mwina ali ku Joni, mwina anali ku ganyu tsiku lomwe wowerenga anagogoda.

Nkhani ikafika pa ndalama ndi ndale mkangano umakula. Ku Nigeria kalembera wa 2006 anati boma la Lagos lili ndi anthu pafupifupi 9 miliyoni, akuluakulu a Lagos anakana nkutulutsa nambala yawoyawo ya 17.5 miliyoni. Mzinda umodzi, chaka chimodzi.

Manambala a pakati pa makalembera

Kalembera amabwera kamodzi pa zaka 10, ndiye nambala iliyonse yomwe mukumva ya Lilongwe ya chaka chino sinawerengedwe, ndi yoyerekeza. Amatenga 989,318 uja nkumukulitsa ndi liwiro lomwe akuganiza. Kubadwa ndi imfa zimasintha pang'onopang'ono ndiye zimayerekezeka bwino. Kusamuka ndi komwe kumapusitsa, poti kumatsata ntchito, mtengo wa chimanga, lendi, chilala, ndipo kutha kutembenuka.

Aneba athu a ku Zambia ndi umboni. Mu 1980 a m'tauni anali pafupifupi 40 pa 100, limodzi mwa maiko a matauni kwambiri kuno kumwera kwa Sahara, ndipo aliyense ankayembekeza kuti zingokwerabe. Mtengo wa kopa unagwa, migodi ya ku Copperbelt inachotsa anthu ntchito, ndipo pofika kalembera wa 2000 nambala inatsika kufika cha m'ma 35, anthu anabwerera kukalima. Mu 2010 inakweranso kufika pafupi ndi 40. Amene ankangojambula mzere wokwera kuchokera mu 1980 analakwitsa kwa zaka 20. Katswiri wina wa ku King's College London, Deborah Potts, analemba kwambiri za zimenezi, kuti m'maiko angapo a mu Africa matauni ankakula m'chiwerengero koma gawo lawo pa dziko lonse silinkakwera mmene malipoti ankanenera.

Pomwepa ndi pomwe pali yankho la mkangano wa 16 peresenti uja. Kuchuluka kwa anthu m'tauni ndi gawo la a m'tauni pa dziko ndi zinthu ziwiri. A m'tauni anachoka pa pafupifupi 2 miliyoni mu 2008 kufika 2.8 miliyoni mu 2018, anthu 800,000 oonjezera, Blantyre ina yathunthu, pa misewu ndi mipope pafupifupi yomweyo, ndiye kupanikizana mukukuonako ndi kwenikweni. Koma kumudzi nako kunaonjezekera anthu pafupifupi 3.7 miliyoni pa nthawi yomweyo. Zonse zikamakula limodzi peresenti imayenda ngati kamba, 14.4 mu 1998, 15.3 mu 2008, 16 mu 2018.

Zomwe sizinathe

Kalembera wotsatira akuyembekezeka mu 2028 ndipo pali mafunso omwe a ziwerengero, makhonsolo ndi mafumu sanagwirizanebe. Kodi malire a mizinda akuzidwe kuti Njewa ndi Chileka zilowe? Okonda zimenezo amati anthuwo akugwiritsa ntchito kale misewu, misika ndi zipatala za mzinda osawerengedwa m'mapulani ake. Okana amati kulowa mu mzinda ndi misonkho ya khonsolo, malamulo a kamangidwe, ndi kuchepa kwa mphamvu za mafumu pa malo, pomwe madzi ndi misewu sizibwera tsiku lomwelo. Ndipo akakuzidwa, kodi NSO idzatulutsa manambala a malire akale ndi atsopano mbali ndi mbali kuti anthu athe kuyerekeza?

Masomphenya a Malawi 2063 anaika kukula kwa matauni ngati imodzi mwa nsanamira zake zitatu. Koma kupita patsogolo kwake kudzayezedwa ndi muyezo uti, wa malire kapena wa timabokosi? Poti ndi cholembera chokha, kungolengeza matauni atsopano, peresenti itha kudumpha popanda munthu mmodzi kupeza ntchito.

Palinso funso la munthu wa malo awiri uja. Ndalama za mankhwala, makalasi ndi mipope zimatsata komwe munthu walembedwa, ndipo madera a aphungu omwe anachoka pa 193 kufika 229 amagawidwanso poona kuchuluka kwa anthu. Wa kabaza amene amakhala miyezi 7 ku Mgona ndi miyezi 5 ku Dowa amamwa madzi mbali zonse ndipo amadwala mbali zonse, koma fomu ili ndi malo amodzi. Ena amati pafunika funso lachiwiri la "malo ena omwe mumakhalako", ena amati manambala a mafoni ndi zithunzi za setilaiti zitha kuonetsa kayendedwe ka anthu mwezi ndi mwezi, koma pamenepo pamabwera nkhani ya chinsinsi cha anthu, komanso yoti amene alibe foni adzaonekera pati.